Mkaka wa m'chitini: madzi azikhala otentha bwanji?

Wofunsa (wabisa dzina): Amayi anzanga ndithandizeni. Ndili ku Ngabu, ndikulera khanda la mng'ono wanga la milungu 6, mayi ake anatisiya. Kuchipatala anati tizimpatsa mkaka wa m'chitini. Madzi ndimawiritsa m'mawa n'kusunga m'jagi, ndiye ndimasungunulira omwewo atazizira. Wa usiku ndimapangiratu mabotolo awiri cha m'ma 7, poti kukoleza mbaula pakati pa usiku n'kovuta. Kuyambira dzulo akutsegula m'mimba. Ndikulakwitsa pati?

Mayi wa ku Nchalo: Pepani ndi zovutazo asisi. Madzi mukuchita bwino, bola anawira. Vuto ndi mabotolo opangiratuwo. Kutentha kwathu kuno ndiwo imene imasasa usiku umodzi, nanji mkaka.

Namwino wopuma ntchito, Bangula: Choyamba mwanangu, khanda la milungu 6 likatsegula m'mimba sitidikira, mupite naye kuchipatala lero. Za mabotolo anzanuwa anena zoona: mkaka ukatha maola awiri chiupangireni, tayani, ngakhale mtima ukuwawa ndi mtengo wa chitini. Koma pa madzi aphonya. Ufa womwewo umatha kukhala ndi tizilombo ngakhale chitini chili chomata, ndipo madzi ozizira sangatiphe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi asatsike pa madigiri 70. Choyezera mulibe, ndiye werengani nthawi: mukawiritsa lita imodzi n'kuphula, pasadutse mphindi 30 musanathire ufa. Akakhala ochepa amazizira msanga, dikirani pang'ono chabe. Yambani madzi m'botolo, ufa pambuyo. Zitini zambiri zimati kasupuni kamodzi kodzaza koma kosaunjika pa mamililita 30, ndiye pa 90 ndi titatu, koma onani chanucho. Khutchumulani, imikani botolo m'beseni la madzi ozizira osafika pachivindikiro, kenako donthezani pamkono. Ukhale wofunda basi.

Wofunsa: Zikomo amayi, tikunyamuka. Nanga usiku nditani?

Namwino: Fulasiki yoyera, ya madzi okhaokha. Mudzaze ndi madzi ongophula kumene pogona, mupange botolo mwana akadzuka. Akaleka kuotcha, musagwiritse ntchito, wiritsani ena.

Bambo wina: Ife athu onse anakulira phala, mumuyambitse phala.

Mayi wa ku Nchalo: Milungu 6 achimwene, osati miyezi 6! Werengani bwino.

Mayi wa ku Makhanga: Wanga ankadwaladwala, kumeneko vuto linali kankhumbu ka botolo. Nditakatembenuza ndinapeza zoyera zonanda, fungo lake losanena. Tsopano ndimamasula zonse, kutsuka ndi sopo ndi kaburashi, n'kuwiritsa mphindi 10 zitamira m'poto wovindikira. Kenako ndinangoyamba kumumwetsera m'kapu, siivuta kutsuka.

Wofunsa: Kaburashi ndilibe, ndimangotsukuluza ndi madzi otentha. Mwina ndi pomwepo. Funso lina: mjigo wathu madzi ake ndi amchere.

Namwino: Kuwiritsa sikuchotsa mchere, ndipo mukawiritsa nthawi yaitali umangokolera. Ngati pali mjigo wina wa madzi okoma, tungani kumeneko a mwana yekha. Mukawafunsenso a zaumoyo mukafika.

Wofunsa: Wokomawo uli kutali, wa kabaza amalipiritsa pa chigubu. Ndikambirana ndi bambo akunyumba tikabwerako.