Ndalowa Chisilamu posachedwa, wudhu ukundisokoneza: ndi ziti zosasiyika, nanga umaonongeka ndi chiyani?

Wachatsopano:
Asalamu alaikum abale ndi alongo. Ndinanena shahada posachedwapa ndipo ndayamba kuswali, koma nkhani ya wudhu yandiimika mutu. Amene anandionetsa anachita mothamanga, ine n'kumangotsanzira. Tsopano aliyense akundiuza zake. Wina akuti ukaiwala makutu yambiranso zonse. Wina akuti ukakhudza dzanja la mkazi wako wudhu wapita, mnzake akuti ayi. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ndikaima pa swala m'mimba mukangolira pang'ono ndimakayika ngati ndatulutsa mphweya, ndiye ndimadula swala kukayambiranso, nthawi zina anzanga amamaliza ine ndili ku mpopi. Chonde ndiuzeni ndondomeko yake bwinobwino, zimene zili zokakamizidwa, ndi zimene zimaonongadi wudhu.

Mphunzitsi wa madrasa:
Waalaikum salaam m'bale wanga, takulandirani. Yambani ndi ayah 6 ya Surat Al-Maida, pakuti maziko onse ali pamenepo. Yatchula ziwalo zinayi: kusamba nkhope, kusambitsa mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi pamutu, ndi kusambitsa mapazi mpaka mu akakolo. A mazihabu a Shafii, omwe ndi njira imodzi ya kamvedwe ka malamulo a Chisilamu, amaonjezapo ziwiri, niya ndi kutsata ndondomeko imeneyi osadumphitsa, n'kukhala zisanu ndi chimodzi. Zina zonse zimene mukuona anthu akuchita ndi sunna kwa ma ulama ambiri. Zili ndi malipiro, tisazipeputse, koma kuiwala chimodzi sikugwetsa wudhu.

Wathunthu umayenda chonchi. Ikani niya mumtima kuti mukuchita wudhu, sipafunika mawu apadera, ndipo niyayo ikhale ilipobe pamene madzi akufika kumaso. Nenani Bismillah, sambani m'manja mpaka polumikizira dzanja ndi mkono katatu. Chukuchani m'kamwa katatu, kokerani madzi m'mphuno n'kumina katatu. Kenako nkhope katatu, ndipo nkhope imayambira pomwe tsitsi limayambira pamphumi kufika pansi pa chibwano, komanso kuchokera khutu ili kufika khutu linalo. Ngati ndevu zanu ndi zopyapyala moti khungu likuoneka, madzi afike pakhungupo. Ngati ndi zothithikana, sambitsani pamwamba n'kulowetsamo zala zonyowa.

Mkono wamanja katatu, wamanzere katatu, kuyambira kunsonga za zala mpaka chigongono chenichenicho chinyowe. Apa ambiri amalakwitsa: poti anasamba kale m'manja poyamba, amayambira pamkono n'kusiya chikhatho. Kusamba koyamba kuja kunali sunna, uku ndiye kokakamizidwa, zala zilowenso. Mukatero nyowetsani manja, yendetsani pamutu kuchokera kutsogolo kupita kunkhongo n'kubwerera. Simuthira madzi pamutu, mukungopaka. Makutu, chala cholozera mkati, chala chachikulu kuseri. Pomaliza mapazi, lamanja kenako lamanzere, mpaka akakolo amire, osaiwala pakati pa zala ndi chidendene.

Ndiye za makutu zija, ngati mwaiwala, wudhu wanu ulipo, pitirizani kuswali.

Mnyamata wa msafu woyamba:
Kuonjezerapo, chilichonse chikhale katatu, mukachita kamodzi kapena kawiri sizinakwane. Komanso musanachite wudhu uliwonse muyambe mwapita kuchimbudzi kukadziyeretsa ndi madzi.

Mphunzitsi wa madrasa:
Achimwene, katatu ndiye kokwanira bwino, pamenepo mwanena zoona. Koma mu Bukhari muli mahadisi oonetsa kuti Mtumiki (SAW) anachitapo wudhu kamodzikamodzi, anachitaponso kawirikawiri. Kamodzi kofikitsa madzi paliponse kamakwanira. Za kuchimbudzizo, munthu amadziyeretsa akakodza kapena akachita chimbudzi basi. Amene wangotulutsa mphweya kapena wadzuka kutulo safunika kutero, amangochita wudhu. Tisamusenzetse mlendo katundu amene chipembedzo sichinamusenzetse.

Mayi wa mapasa:
Mwasamba kale thupi lonse? Munthu akalowa Chisilamu amayenera kusamba kaye, madzi afike paliponse ndi m'tsitsi momwe. Mukatero ndiye mwayera.

Wachatsopano:
Zikomo mayi, kusamba kumeneko ndinasamba tsiku lomwelo, anandilangiza. Funso langa ndi la wudhu wa tsiku ndi tsiku. A mphunzitsi, pali china. Ntchito yanga ndi yopenta nyumba. Dzulo nditamaliza wudhu wonse, mapazi ndi omwe, ndinapeza kadontho ka penti wamafuta kataumira pachigongono. Ndinayambiranso kuchokera pa Bismillah. Kodi zinayenera kutero?

Mphunzitsi wa madrasa:
Funso limeneli ndi lofunika kuposa la makutu, chifukwa chigongono chili m'gulu la zokakamizidwa. Penti wamafuta akauma amakhala ngati chikopa pamwamba pa khungu, madzi sadutsa, ndiye malo amenewo sanasambitsidwe. Kuchepa kwake sikupulumutsa. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya munthu amene anasiya paphazi malo ouma aakulu ngati chikhadabo, Mtumiki (SAW) anamubweza kuti akakonze wudhu wake.

Koma simunafunike kuyambira pachiyambi. Nkhope inali itasambitsidwa kale bwino, imeneyo ilibe mlandu. Mukanapala pentiyo, kusambitsa chigongonocho, kenako kupakanso mutu ndi kusambitsanso mapazi, chifukwa ziwirizi zimabwera pambuyo pa mikono ndipo kwa a Shafii ndondomeko ndi yokakamizidwa. Pentiyo akanakhala pachidendene mukanangopala n'kusambitsa pomwepo, pakuti palibe chiwalo chobwera pambuyo pa mapazi. Ngati papita nthawi mpaka ziwalo zonse zauma, kuyambiranso ndi bwino, popeza a mazihabu a Maliki ndi a Hanbali amafuna kuti ziwalo zitsatizane mosadukiza. Ndipo mukazindikira mutaswali kale, muli otsimikiza kuti pentiyo analipo nthawi ya wudhu, konzani wudhu n'kubwereza swala imeneyo.

Njira yodziwira ndi iyi: palani ndi chikhadabo. Ngati chikusendeka kapena mukuchimva kuti chatundumuka, chimatchinga madzi. Ngati watsala ndi mtundu wokha pakhungu, ngati momwe hina imasiyira, palibe vuto. Inu chizolowezi chanu chikhale kuyang'ana mikono ndi zikhadabo musanatsegule mpopi.

Dalaivala wa usiku:
Ine ndiyankhepo za kukayikazo chifukwa zinandizunzapo. Ndinkabwereza wudhu mpaka swala inayamba kundilemera. Chimene chinandimasula ndi hadisi ya munthu amene anadandaula kwa Mtumiki (SAW) kuti amamva ngati china chatuluka ali pa swala, ndipo anauzidwa kuti asachoke pokhapokha atamva phokoso kapena fungo. Ili mu Bukhari ndi Muslim momwe. Tanthauzo lake, wudhu munachita motsimikiza, ndiye suchoka ndi "mwina". Kulira kwa m'mimba si kutuluka kwa mphweya. Ngati simungathe kunena molimba mtima kuti watuluka, musadule swala. Masiku oyamba mtima umakutsutsani kwambiri, koma mukapirira osabwerera ku mpopi manong'onong'owo amachepa okha.

Mphunzitsi wa madrasa:
Ndi momwemo. Ndingoonjeza kuti phokoso ndi fungo zikuimira kutsimikiza. Ngati mwaumvadi ukutuluka, ngakhale mwakachetechete, wudhu waonongeka. Zimene onse amagwirizana kuti zimaononga ndi zochepa: chotuluka kutsogolo kapena kumbuyo monga mkodzo, chimbudzi ndi mphweya, tulo tofa nato, ndi kuchoka kwa nzeru monga kukomoka. Kusinza mutakhala pansi mokhazikika, monga podikira swala mumzikiti, sikuononga. Kudya, kumwa, kuwenga zikhadabo, kusintha zovala, zonsezi siziononga, kupatula nyama ya ngamira kwa a Hanbali.

Bambo wa zaka zambiri:
Nanga za mkazi mwazilambalala bwanji? Ife tinakula tikudziwa kuti khungu likakhudzana ndi la mkazi wako wudhu wathera pomwepo, kaya mwangozi popatsirana kapu. Musamufewetsere mwanayu zinthu.

Mlongo wophunzira fiqihi:
Bambo, zimene mwanenazo ndi zoona pa mazihabu a Shafii, ndipo umboni wawo ndi ayah yomwe ija ya Al-Maida, pamene yatchula kukhudza akazi. Koma a Hanafi amamva kuti pamenepo akunena za kukhalira limodzi kwa banja, ndipo amatchula zimene Mayi Aisha anasimba, kuti Mtumiki (SAW) akuswali usiku ankawakhudza miyendo kuti aipinde iye apeze pogwetsa nkhope pansi, swala n'kupitirira. A Maliki ndi a Hanbali ali pakati, amati zimaononga ngati pali chilakolako. Magazi nawonso ndi chimodzimodzi koma motembenuza: kamfuno kapena bala loyenderera magazi limaononga kwa a Hanafi, kwa a Shafii ayi. Ndiye anthu awiri amene anamuuza m'bale wathuyu zosiyana palibe ananama.

Bambo wa zaka zambiri:
Ndamva mwana wanga, koma ine ndikuona kuti kubwereza wudhu sikuluza kanthu. Kusamala kuli bwino.

Dalaivala wa usiku:
Kwa inu sikuluza kanthu bambo, koma kwa munthu amene akulimbana kale ndi kukayika, "bwerezani kuti musamale" ndi mawu amene amamubwezera ku mpopi komwe tikufuna kumuchotsako.

Wachatsopano:
Zikomo nonse, mtima wayamba kukhala pansi. Koma pa nkhani ya mkaziyi ndi magazi, ine nditsate ziti? Sindikufuna kumangotola zophweka uku ndi uku.

Mphunzitsi wa madrasa:
Funsani imamu wa mzikiti umene mumaswalirako kuti amaphunzitsa mazihabu ati, mutsate amenewo pa zonse za wudhu, zofewa ndi zolimba zomwe. Mukadzakhwima mudzawerenga maumboni a mbali zonse. Pophunzira, musadalire kuonera kokha. Pemphani munthu mmodzi wodziwa aime pambali, inu muchite wudhu iye akuyang'ana, akukonzeni pomwepo. Zolakwika za chigongono, chidendene ndi m'mbali mwa nkhope pafupi ndi makutu mwini wake saziona. Lowezani kaye zinayi za mu ayah zija motsatana, nkhope, mikono, mutu, mapazi, sunna muzilowetsa pang'onopang'ono. Madua aatali amene ena amanena pa chiwalo chilichonse asakutayitseni nthawi panopa, Bismillah poyamba ndi shahada pomaliza zikukwanirani. Madzinso musawononge, Mtumiki (SAW) ankachita wudhu ndi muyezo wa mudi, womwe sukwana lita imodzi.

Mayi wa mapasa:
Pepani ndilowererepo ndi langa. Ine ndimasintha matewera tsiku lonse. Ndikamupukuta mwana ndili ndi wudhu, ndichitenso wina kapena ndingosamba m'manja?

Mlongo wophunzira fiqihi:
Kugwira chimbudzi cha mwana pakokha sikuononga wudhu, mumangotsuka pamene padetsedwapo. Nkhani ili pa kukhudza maliseche ake ndi chikhatho popanda chotchinga. Kwa a Shafii zimaononga ngakhale ali khanda, kwa a Hanafi ayi. Ngati mumatsata a Shafii, pukutani ndi kansalu kochindikala kuti chikhatho chisakhudze khungu lake mwachindunji.

Mayi wa mapasa:
Nanga pomusambitsa m'beseni? Pamenepo kansalu sikathandiza kwenikweni. Ndikafunsa kwa shehe wathu Lachisanu, koma amene akudziwa ayankhebe pano.