Oonera akumuombera m'manja Erik pamene wangopha munthu, tikonze pati?

Nangozo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Gulu lathu likukonza sewero la mu Chichewa kuchokera m'buku la Gaston Leroux la 1910, The Phantom of the Opera. Ndinayamba ndi ubwana wa Erik, mzukwa wa m'nkhaniyi: mwana wobadwa ndi nkhope yoopsa, mayi ake akumuponyera chigoba kuti avale, kenako anthu akulipira ndalama kuti amuone ngati mtembo woyenda. Loweruka tinaitana anthu ochepa kudzaonera poyeserera. Chigawo choyambacho analira, ndipo ndinasangalala. Koma titafika pamene Joseph Buquet, wantchito wa pa siteji, wapezeka atapachikika kunsi kwa nyumba ya zisudzo, ena anaomba m'manja, mayi wina mpaka anati "zamukwana, amamunena bwanji mnzake." Ndasokonezeka. Kodi mavuto amene Erik anakumana nawo akumuchotseradi mlandu, kapena sikiriputi yanga ndiyo yapotoka?

Chikondi: Chemwali, ine Erik ndinamuseweranso kusukulu, ndipo ndikuona kuti oonerawo sanalakwe. Munthu amene ngakhale mayi ake sanamulolepo kuwapsompsona, mukufuna chifundo achiphunzire kuti? Anthu anamutcha chilombo asanalakwe kanthu, iye anangokhala chimene anamutchacho. Pamapeto pake akumasula Christine, mtsikana woimba amene anamugwira, ndiye kuti mtima wabwino anali nawo.

A Mbewe: Chikondi, zoti chifundo sanachiphunzire kunyumba ndi zoona, koma tawerengeninso zimene Erik amanena akamufunsa za imfazo. M'buku muli Mperisi uja amene anamupulumutsa ku Perisiya. Atamufunsa za nyale yaikulu yolendewera imene inagwera oonera nkupha mzimayi, Erik anayankha kuti nyaleyo inali yakale, inagwa yokha. Za Philippe, mkulu wake wa Raoul bwenzi la Christine, amene anapezeka atafa m'mbali mwa nyanja ya pansi pa nyumbayo, akuti inali ngozi, iye anamupeza atafa kale. Palibe pamene akunena kuti ndinapha chifukwa ndinazunzidwa. Amakana. Munthu wokana mlandu chotero amadziwa kuti chimene wachitacho nchoipa, nchifukwa chake amabisa.

Komanso pakati pa mwana wothawa kwawo kufupi ndi Rouen ndi mzukwa wa mu Paris pali zaka zambiri zimene anthu amazidumpha. Anakhala kunyumba ya mfumu ya Perisiya akumanga zipinda zachinsinsi, akupha anthu ndi chingwe kuti asangalatse a kubanja lachifumu. Anagwiranso ntchito ku Constantinople. Atabwerera ku France anapeza ntchito yomanga nawo maziko a nyumba ya zisudzo imene anajambula Charles Garnier. Uyu ndi mmisiri amene ankatha kudzidyetsa ndi manja ake, osati mwana wosowa kolowera. Ndiye akamauza mabwana a nyumbayo kuti azimupatsa mafuranki 20,000 mwezi ndi mwezi komanso kachipinda koonera ka nambala 5 kakhale kake, nkhope ikulowapo pati?

Chikondi: Koma a Mbewe, ndalamazo ndi nkhani yaing'ono. Nkhani ndi ya Christine. Ankangofuna mkazi woyenda naye Lamulungu ngati wina aliyense.

A Mbewe: Kufunako ndi kumene mbiri yake ikufotokoza, ndipo pamenepo ndimamumvera chisoni. Njira imene anasankha siikufotokozedwa ndi mbiriyo. Christine ndi mwana wamasiye amene bambo ake asanamwalire anamulonjeza kuti adzamutumizira mngelo wa nyimbo. Erik anadziwa zimenezi nkumamuyankhula kuseri kwa khoma ngati mngeloyo, kwa miyezi. Kumeneko si kupsa mtima kwa kanthawi, ndi dongosolo. Kumapeto akumuikira chinkhanira ndi chiwala zachitsulo: akatembenuza chinkhanira wavomera ukwati, akatembenuza chiwala migolo ya onga iphulika, nyumba yonse ndi oonera omwe athera pomwepo. Oonerawo anamulakwira chiyani?

Madalitso: Ine ndimaona ngati vuto ndi chigobacho basi. Mwamuveka chotseka nkhope yonse kapena cha theka? Chotseka yonse mawu satuluka bwino, akumbuyo samva, ndiye amangotsatira zimene maso aona. Ife tinavutika nazo pa holo ina, tinachita kudula chigoba pakamwa ndi lumo sewero litatsala pang'ono kuyamba.

Nangozo: Ayi achimwene, mawu akumveka. Chathu ncha theka, ngati chija chinatchuka ndi sewero la nyimbo la 1986 ku London. Vuto ndi loti oonera ali kumbali yake.

Mayi Nachisale: Komatu Madalitso wakhudza kanthu ngakhale funso analimva mwina. M'buku chigoba chimabisa nkhope yonse, ndipo pansi pake pali nkhope yopanda mphuno. Cha theka chimasiya tsaya labwino ndi diso looneka bwino, ndiye ngati mnyamata wanu ndi wooneka bwino, oonera akuona bwenzi lovutika, osati munthu woopsa. Filimu ya 2004 inachitanso zomwezi, atsikana ambiri ankati Christine anasankha molakwa.

Koma chachikulu, Nangozo, ndi malo amene mwaika ubwanawo. Leroux anayamba ndi mtembo wa Buquet m'mutu woyamba, mbiri ya Erik nkuisunga mpaka kumapeto, ndipo yambiri ikuchokera kwa Mperisi, munthu amene anamuona akupha. Inu mwatembenuza. Oonera akayamba kulirira mwana, chilichonse chimene achite atakula amachiwerenga ngati kubwezera. Buquet ndi munthu wokoka makatani ndi kusuntha zinthu pa siteji, cholakwa chake ndi kuona nkhope ija nkukafotokozera anzake. Mu sikiriputi yanu akuyankhula kangati asanafe?

Nangozo: Kamodzi kokha, mayi. Akuopseza atsikana ovina pofotokoza nkhope ya mzukwa.

Mayi Nachisale: Ndiye mwamupha kawiri. Chimene oonera akudziwa za iye ndi choti amanyoza wolumala. Mupatseni kachigawo kena, kakafupi, akuthandiza mnzake kunyamula makwerero kapena akudandaula za malipiro ochedwa. Chimodzimodzi mzimayi wa nyale uja. M'buku ndi mlonda wa pakhomo pa mmodzi wa mabwana, anabwera kudzaonera koyamba m'moyo wake chifukwa bwanayo ankafuna kumupatsa ntchito ya Mayi Giry, wosamalira kachipinda ka nambala 5 kaja. Muonetseni akulowa, akuyang'ana kudenga modabwa, akukonza chovala chake chabwino. Nyale ikagwa palibe adzaombe m'manja.

A Mbewe: Ndikuvomereza, ndipo ubwanawo musautaye, ungosamuka. Uikeni pamene Erik akufotokozera Mperisi kuti Christine anamulola kumupsompsona pachipumi osathawa. Pamenepo ndi pamene nkhani ya mayi ake ikugwira ntchito, chifukwa ikufotokoza chifukwa chake wamasula Christine ndi Raoul. Kumasulako kumalemera ngati oonera akudziwa kuti nthawi yonseyi akanatha kusiya koma sanafune.

Chikondi: Apo nde sindikugwirizana nazo. Ine ndikuona kuti asanamupsompsone sakanatha kusiya, analibe poyambira. Mukamusewera ngati munthu amene akusankha zoipa tsiku lililonse mutu uli bwinobwino, atuluka chigawenga wamba, ndipo oonera sadzakhulupirira misozi yakumapeto.

Mayi Nachisale: Zimenezo mukakangane ndi wosewerayo, nkutheka onse awiri muli ndi mbali yanu. Wosewera akhoza kukhulupirira mumtima kuti Erik alibe njira ina, sikiriputi nkumaonetsa oonera kuti njira inalipo.

Nangozo: Ubwana ndiusamutsira kumapeto, Buquet ndimuonjezera kachigawo, mzimayi wa nyale alowe ndi chovala chake chatsopano. Chigoba sindinaganize, cha nkhope yonse tilibe ndalama yake pakadali pano. Madalitso, amene anakupangirani chanu chija amalipiritsa zingati?