Kanema wa chiliza cha agogo watalika

Mdzukulu wa ku Moatize: Ndawerenga mokweza zimene amalume alemba kuti zinenedwe m'kanema wopempha ndalama za chiliza cha agogo, wotchi ili pambali. Masamba 5, mphindi 10. Abale a ku Joni ndi ku Beira sangamutsitse kanema wotere, bandulo ikudula. Tikufuna mphindi 3, ndiye kuti tsamba limodzi ndi theka.

Amalume: Mbiri ya mayi anga isachotsedwe. Wowerengayo angofulumira.

Mdzukulu: Kufulumira sikungadye mphindi 7, amalume. Komanso akuluakulu sadzamva kanthu.

Amayi aang'ono: Za mametikali 1,500 a chiliza zija zatumiza ndi nyumba zinayi zokha. Ena akungowerenga muno, ndikuwaona.

Achemwali a ku Ulongué: Tiyambe tagwirizana, woonera akamaliza achite chiyani? Ine ndikuti: timanga chiliza cha agogo ku Domue mu Ogasiti, nyumba iliyonse itumize mametikali 1,500 Julaye asanathe. Mawu amenewa pano ali pa tsamba lachinayi. Abwere koyambirira, pakuti ambiri amatseka kanema asanafike pakati.

Mlamu: Kodi simenti yafika pa zingati kumeneko?

Amayi aang'ono: Funsani amene anasunga ndalama ulendo uja.

Mlamu: Iii, ine ndangofunsa.

Mdzukulu: Tsamba loyamba lonse ndi moni, mayina 23 ndi midzi yawo. Tingonena kuti "mbumba yonse ya agogo", mayinawo alembedwe pa kanema kumapeto. Pamenepo zapita mphindi ziwiri. Ndime yofotokoza m'mene manda aonongekera ichokenso, ndijambula mng'alu uja ndi udzu wamera pakati, masekondi 10 akwana. Nambala ya M-Pesa isawerengedwe pakamwa, ikhale pa kanema mpaka kumapeto.

Amalume: Ndati mbiri isachotsedwe.

Achemwali: Siikuchoka yonse, amalume. Mwalemba nkhani zisanu, tisiye imodzi koma inenedwe bwino. Tikatapa pang'onopang'ono paliponse zonse zikhala zoduka mutu. Ine ndingasankhe ya nthawi ya nkhondo, pamene agogo anawolotsa ana kupita ku Dedza, n'kudzabwerera mtendere wa 1992 utabwera. Imeneyo ipatsidwe mphindi yathunthu. Ya munda wa mbatatesi mudzakamba nokha pa tsikulo, maiki ndi yanu.

Amalume: Ya mbatatesi ndiye yofunika.

Mdzukulu: Ndiye zikhala tere: pempho masekondi 25, manda 10, nkhani ya agogo 60, zimene ndalama zigule 40, kubwereza tsiku ndi ndalama 20. Otsalawo ndi a mayina ndi kupumira. Ndikalemba ndiwerengera mwana wa aneba, ndimufunse ndalama zingati, liti, kwa ndani. Akaphonya chimodzi ndikonzanso.

Amayi aang'ono: Achimwene a ku Joni mwakhala chete chiyambire Lolemba. Kanemayo ndi wa inu.

Amalume: Wowerenga akhale ine.

Mdzukulu: Chabwino amalume, koma wotchi ndigwira ine.