Za ntchito ya uinjiniya ku Harare: zimene zachitika

Munafunsa kuti: “Achimwene, bolodi la zidziwitso la mabungwe a akatswiri mumatiuza lija linakuthandizani?”

Linandithandiza, koma osati mwamsanga. Ku Zimbabwe Institution of Engineers ndinapeza chidziwitso cha kampani ina yofuna injiniya wa madzi, chomatidwa pansi pa mapepala a misonkhano, ngodya yake itapindika. Tsiku lotseka linali litadutsa, komabe ndinaimba foni, ndipo anandiuza kuti malowo akadalipo chifukwa ofunsira ambiri analibe satifiketi ya Engineering Council of Zimbabwe yowalola kugwira ntchito. Yanga inali itatha mphamvu, choncho ndinayamba ndakalipira kuti aikonzenso, kenaka ndinapereka kalata. Andiitana kukayesedwa Lachinayi.