Msika wa fodya watsekedwa, giredala alowere kuti?

Wa ku Santhe: Akuluakulu thandizeni nzeru. Ine ntchito yanga ndi yogiredi fodya pa esiteti, ndiye mabelo omaliza akangopita ku Chinkhoma basi ndimakhala mpaka sizoni ina. Pa siivii ndimangolemba kuti giredala ndipo palibe amandiitana. Ndifunsire ntchito yanji?

Wa ku Chamama: Lowani geni ya soya achimwene, zolembedwa ntchito zinatha kale

Wa ku Mtunthama: Geni ikufuna mpamba, iwowa afunsa zina. Achimwene vuto ndi dzinalo, giredala amamufuna ndi a fodya okha. Tengani pepala mulembe zomwe manja anu amachita: kusankha tsamba poona mtundu ndi kutalika, kumva chinyezi, kuchotsa mapulasitiki ndi la nkhungu, kuyeza belo pa sikelo, kulemba makilo m'buku. Mukatero tsegulani O*NET OnLine pa intaneti, ndi mndandanda wa ntchito wa boma la America, waulere. Sakani Graders and Sorters, Agricultural Products. Pa Tasks, pomwe alemba zochita za pa ntchitoyo, chongani zokhazo zomwe munachitapo ndipo kapitawo akhoza kukuikirani umboni, kenako tsikirani pa Related Occupations, pomwe pali ntchito zofanana nayo, muwerenge ma Tasks a ntchito zinazo muone komwe zochonga zanu zikubweranso.

Wa ku Santhe: Ndayesa. Ndapeza ina yotchedwa Weighers, Measurers, Checkers, and Samplers, Recordkeeping, kuyeza katundu, kulemba, kutapa sampulo. Zambiri ndimapanga kale ine! sindinaganizepo kuti imeneyi ndi ntchito payokha

Wa ku Mtunthama: Eyaa imeneyo kwathu kuno ndi kalaliki wa pa sikelo kapena wolandira mbewu ku depoti, komwe amagula soya, mtedza ndi chimanga. Chomwe mulibe ndi kamakina koyezera chinyezi, inu munazolowera dzanja koma kumeneko amafuna nambala, chimanga chosunga chisapitirire 13%. Pemphani wina wa ku kopaletivi akuonetseni, sikovuta.

Wa ku Nkhamenya: Ine ndinapangapo zimenezi, ndinachonga maluso onse mpaka Active Listening ndi Speaking, zinanditulutsira ntchito zambirimbiri mpaka za unamwino. Mindandanda ya azunguyi ndi yotaya nthawi abale

Wa ku Mtunthama: Mbali ina mukunena zoona mayi, malipiro ndi mapepala olembedwa pamenepo ndi a ku America, musawatengere. Koma kumvetsera ndi kuyankhula zili pafupifupi pa ntchito iliyonse ndiye sizisefa kanthu, chongani zomwe anthu ambiri sangathe. Muziyang'ananso Job Zone, imaonetsa kukula kwa maphunziro ofunika. Ya Agricultural Inspectors, oyendera za ulimi, ikuoneka yoyandikana ndi yathu koma kuno popanda dipuloma ya zaulimi nkovuta.

Wa ku Santhe: Nanga poti madepoti amagulanso miyezi yomweyo ya fodya, si ndikhalanso chimodzimodzi pofika Novembala?

Wa ku Mtunthama: Apo ndiye pali nkhani. Ya pa sikelo yambiri ndi ya sizoni ndithu, yokhalitsa ndi ya mu sitolo yosungira katundu, koma imafuna kusunga masitoko khadi mwinanso Excel. Buku la mabelo lija mumalemba nokha kapena alipo kalaliki wina?

Wa ku Santhe: Makilo ndimalemba ndekha, kuwonkhetsa amapanga akapitawo pa kompyuta

Wa ku Chamama: Ndiye muwapemphe akuphunzitseni panopa mabuku asanatsekedwe. Koma za soya zija musaiwale