Modelo ikulondola 66 peresenti poyesa, koma pa masewero enieni ikugwa

Wakuchirimba: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndapanga modelo yolosera masewero a Premier League ndi mafayilo a football-data.co.uk, masizoni 10, ndiye kuti masewero 3,800. Poyesa ikulondola 66 peresenti. Koma chiyambireni sizoni ino sikufika ndi theka lomwe. Deta ndinaigawa ndi `train_test_split`, ndipo fomu ya timu ndikuwerengera chonchi:

```python
df["fomu"] = df.groupby("timu")["zigoli"].transform(
    lambda s: s.rolling(5).mean())
```

Kadziwotche: Vuto ndi `train_test_split` achimwene. Imasakaniza mizere pokhapokha mutaiuza `shuffle=False`, ndiye modelo ikuphunzira masewero a 2022 nkumayesedwa pa a 2017. Ikani `TimeSeriesSplit`, zitheka basi.

Mayi Masamu: A Kadziwotche mwanena zoona, koma bowo lalikulu si limenelo. A Wakuchirimba, `rolling(5)` imawerengera limodzi ndi mzere womwe muli. Ndiye kuti zigoli za masewero omwe mukulosera zalowa kale mu fomu. Tiyerekeze timu yagoletsa 1, 1, 0, 2, 1, kenako Loweruka nkuthira 6. Mpira usanayambe fomu yake ndi 1.0, koma kodi yanu ikulemba 2.0 chifukwa yatenga 1, 0, 2, 1, 6. Modelo ikaona nambala yadumpha choncho ikudziwa kuti timuyo yapambana. Yalowa m'mayeso ndi likasa m'thumba. Konzani motere:

```python
lambda s: s.shift(1).rolling(5).mean()
```

Musanatero onetsetsani madeti. M'mafayilo amenewo tsiku limayamba, mwezi pambuyo, ndiye muwerenge ndi `dayfirst=True` kenako `sort_values("Date")`. Mukawasanja ngati malemba wamba, 01/12 imabwera 15/08 isanafike, ndipo `shift(1)` imakupatsani masewero a m'tsogolo.

Chinanso, 66 yomweyo inayenera kukuchenjezani. Makampani a kubetcha, ndi deta yonse ali nayo, amalondola cha m'ma 50 peresenti nkupitirirako pang'ono mu ligi imeneyi. Wina aliyense akadutsa 60, ine ndimayamba ndafufuza podontha.

Wakuchirimba: Mayi, ndaika `shift(1)`, yatsika kufika 57. Ndiye kuti zakonzeka?

Mayi Masamu: Ikadali pamwamba. Mwaikamonso chiyani?

Wakuchirimba: Malo a timu pa tebulo, avereji ya sizoni ya `HST`, mashoti olunjika pagolo a timu ya pakhomo, ndi ma odi otsekera a Bet365, `B365CH`.

Mayi Masamu: Ngati tebulolo ndi la kumapeto kwa sizoni, likudontha. Modelo yanu ikudziwa mu Ogasiti 2015 kuti Leicester City itenga chikho, pomwe nthawi imeneyo amaipatsa 5000-1. Avereji ya sizoni yonse chimodzimodzi. Pa nambala iliyonse dzifunseni: kodi ndikanaidziwa pa ola lomwe ndimalosera? Ma odi otsekera amadziwika mpira utatsala pang'ono kuyamba, ndipo m'mafayilowo `B365CH` imayambira 2019/20. Ngati mumalosera Lachisanu, simunakhale nawo.

Nyerere265: Ine ndikuyesa zomwezi ndi ligi yathu ya matimu 16, masewero 240 pa sizoni, ndikulemba ndekha zotsatira. Ndiye ndingotenga modelo yakeyi ndiikemo deta yanga? Kapena XGBoost ndi yomwe ikumuvuta?

Kadziwotche: Ayi aise, nkhani si mtundu wa modelo. Ngakhale `LogisticRegression` ikapatsidwa zigoli za masewero omwewo iwoneka yanzeru. Za ligi yathu tsegula funso lako padera.

Mayi Masamu: Tibwerere pa kugawa. `TimeSeriesSplit` imadula potengera kuchuluka kwa mizere, siidziwa za madeti, ndiye ikhoza kudula pakati pa Loweruka limodzi. Komanso a Wakuchirimba ali ndi mizere iwiri pa masewero amodzi, wa timu ya pakhomo ndi wa yoyenda. Wina ungagwere kophunzira, wina koyesera. Ine ndimagawa ndi masizoni. Phunzitsani mpaka 2018/19, yesani pa 2019/20. Onjezani 2019/20, yesani pa 2020/21, choncho mpaka kumapeto. `StandardScaler` ikhale mkati mwa `Pipeline` kuti isaone deta yoyesera. Sizoni yomaliza musaikhudze mpaka mutamaliza kusankha zonse.

Mukafika pa 2020/21 musadabwe ikagwa. Mabwalo anali opanda ochemerera pafupifupi sizoni yonse, ndipo matimu oyenda anapambana 153, a pakhomo 144. Kusakaniza kuja kukanakubisirani zimenezi. Muziyezanso ndi `log_loss`: kupatsa zotsatira zitatu mwayi wofanana kumatulutsa 1.0986, ndiye modelo yanu ikhale pansi pa pamenepo, ndipo muiyerekeze ndi ma odi pa masewero omwewo.

Wakuchirimba: Ndachotsa zonse zitatu, ndagawa ndi masizoni. Tsopano 52 peresenti, `log_loss` 1.00. Koma matimu atatu okwera kuchokera ku Championship akutulutsa `NaN` pa masewero asanu oyamba. Ndiwachotse?

Kadziwotche: Ine ndimawapatsa avereji ya matimu atatu omwe atsika sizoni yathayo.

Mayi Masamu: Kuchotsa ayi, chifukwa mu Ogasiti mudzafunikabe kuwalosera. Njira ya a Kadziwotche sidontha, koma ikuganiza kuti wokwera aliyense ndi wofooka, pomwe Wolves inakwera mu 2018 nkumaliza pa nambala 7. Ine ndimakonda kutenga fomu ya ku Championship nkuichepetsa, ngakhale sindinapezebe mlingo womwe ndimaukhulupirira. Yesani ziwiri zonse pa magawo omwewo, mutiuze `log_loss` ya masewero a matimu okwerawo paokha.