Kasitomala wa dazi akufunsa: akawoketse tsitsi kapena timumate?

Wometa wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi kasitomala wa zaka 27, dazi layamba m'mbali mwa chipumi ndipo paliwombo papyapyala. Akuti akufuna kupita ku Turkey kukawoketsa tsitsi, koma andifunsa ngati sikuli bwino kungomata kawigi ka amuna kaja. Kunkhongo kwake kuli tiziphuphu tolimba timene timatuluka tikameta ndi lezala. Ndimuyankhe chiyani?

Aise wa ku Chilomoni: Ngati ndalama ilipo apite basi. Akawoka kamodzi nkhani yatha, tsitsi limenelo silithothokanso. Zomata ndi zoluzitsa.

Madala a ku Limbe: Aise, wanena zoona theka. Lowokedwalo limakhaladi nthawi yaitali, chifukwa mizu amaitenga kunkhongo ndi m'mbali mwa mutu, kumene dazi silifika kawirikawiri. Koma dokotala sapanga tsitsi latsopano, amangosamutsa. Nkhongo ili ngati nazale, ukazula mbande pamenepo sizimeranso. Munthu wamba angachotsedwe mizu pafupifupi 6,000 moyo wake wonse, ndipo chipumi ndi liwombo pamodzi zitha kudya 3,000 kapena kuposa. Tsono wa zaka 27 dazi likuyendabe. Akadzaza chipumi lero, tsitsi lake lakale kumbuyo kwa lowokedwalo lipitiriza kuthothoka, pakhale mpata pakati, afunenso ulendo wachiwiri. Ndiye chifukwa madokotala amapereka mankhwala ochepetsa kuthothoka kwa tsitsi, minokisidilo wopaka ndi finasiteraidi wakumwa tsiku ndi tsiku, ndipo ukasiya, phindu lake limabwerera m'mbuyo. Wakumwayo alembe ndi dokotala, chifukwa ena amawachepetsera chilakolako cha m'banja.

Koma chimene chandiimitsa ine ndi tiziphuphu ta kunkhongoto. Pamenepo ndi pomwe akabooleko timabowo masauzande. Ngati khungu lake limapanga zipsera zotupa, akhoza kubwerako ndi vuto loposa dazi. Ayambe wapita kwa a khungu ku Queens asanalipire kanthu. Ndipo iwe usiye kumupala ndi lezala kunkhongoko.

Asisi a saluni, Zingwangwa: Ine ndili ndi mayi amene tsitsi latha m'mbali chifukwa cha mameshi okoka. Ndingamumatenso chomwecho?

Madala a ku Limbe: Asisi, limenelo si dazi la amuna. Asiye zoluka zokoka msanga, nthawi zina limabwerera ngati mizu sinafe. Guluu pamenepo angomaliza totsalato.

Wometa wa ku Ndirande: Madala, nanga mitengo? Iye akuti waona 2,000 dolazi.

Madala a ku Limbe: Ku Istanbul mitengo yambiri imayenda pakati pa 2,000 ndi 4,000 dolazi, nthawi zambiri ndi hotela yomwe, koma ndege yochokera ku Chileka ndi yapadera. Awerengere 4,000 kapena kuposa, kuwonjeza mavuto opezera ndalama zakunja. Afunsenso zithunzi za anthu akuda amene madokotala akumeneko anawagwira. Tsitsi lathu limapindika ngakhale mkati mwa khungu, ndiye wosazolowera akamaboola ndi kachitsulo kowongoka amadula mizu yambiri, ndipo yodukayo yatayika. Ubwino wake ndi woti tsitsi lopotana limaphimba malo kuposa lowongoka. Umuuzenso kuti lowokedwalo limathothoka m'masabata oyambirira, limayamba kumera pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo zenizeni zimaoneka pakatha chaka. Ambiri amaganiza kuti aberedwa.

Achimwene a ku Namiwawa: Zomata ndimapanga ine, ndiye ndinenepo. Kawigi kabwino ka tsitsi lopotana ukaitanitsa kunja ndi pafupifupi 150 mpaka 300 dolazi, ndipo kamakhala miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ka lesi kamapuma bwino koma kamang'ambika msanga. Tinene atatu pa chaka pa 200, ndiye 600 dolazi, osawerengera guluu ndi ntchito yanga. Timameta pakati ponse mpala, kutsuka, kuumitsa bwino, kupaka guluu mopyapyala, kudikira aleke kuoneka woyera, kenako kumata ndi kumeta m'mbali kuti zigwirizane. Pakapita masabata awiri mpaka anayi abwere tichotse, titsuke, timatenso. Mu Okutobala thukuta limatukula m'mphepete msanga. Akayamba kuyabwa kapena kununkha asadikire tsiku. Guluu ndimayamba ndayesa kuseri kwa khutu tsiku limodzi, ndipo pa khungu la zilonda sindimata.

Aise wa ku Chilomoni: Ndiye pakatha zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri wafika pa 4,000 yomweyo, mutu uli mbee. Mwandivomereza.

Achimwene a ku Namiwawa: Masamuwo ndi oona. Koma yanga akaikana amangochotsa, lometedwalo limera. Ya opaleshoni ikalakwika sabweza. Ndipo iwe sunawerengere mankhwala a mwezi ndi mwezi.

Wometa wa ku Ndirande: Akubwera Loweruka. Ndimuuza ayambe ku Queens. Koma achimwene, ngati tiziphuphu tili kunkhongo kokha, pamwamba pali bwino, mungamumate?

Achimwene a ku Namiwawa: Ubwere naye ndimuone kaye. Osamumeta m'mbali, ndikufuna ndione kupotana kwa tsitsi lake ndisanaitanitse kanthu.